Thireyi imodzi yandidyera zingati?

"Ndili ndi nkhuku zoikira 200, ndingadziwe bwanji mtengo weniweni wa thireyi?"

Achimwene, yambani ndi chakudya. Nkhuku yoikira imadya pafupifupi magalamu 115 patsiku, ndiye zanuzo zikumaliza makilogalamu 23. Mukatola mazira 160, amenewo ndi mathireyi 5 ndi mazira 10, kutanthauza kuti thireyi iliyonse yadya makilogalamu 4.3. Chulukitsani ndi mtengo wa kilogalamu, muwonjezepo katemera, utuchi ndi malipiro a wantchito. Mazira osweka alembeni padera, osawaphatikiza.

Pomwe ambiri timapunthwa ndi nkhuku zakufa. Zikafa 4 pa 200, ndi 2 pelesenti. Mawa lake muziwerengera 196. Mukaiwala, kaundula amanamizira nkhuku kuti zachepetsa kuikira pamene zikuikira bwinobwino.