Bilu ya dokotala ku Joni: magazi alipitsidwa kawiri, khodi yakwezedwa

"Ndimakhala ku Joni ndipo ndili pa sikimu ya zachipatala ya kuntchito. Mwana wanga anadwala pakhosi, dokotala anamuona kwa mphindi mwina 10, n'kumutenga magazi kamodzi. Pa sitetimenti ndikuona 0192, komanso 3755 yalembedwa kawiri tsiku lomwelo. Ndalama za sikimu zogulira mankhwala zatsala pang'ono kutha. Kodi andibera? Nditani?"

Mayi, pepani ndi matenda a mwanayo. Tiyambe ndi 3755, chifukwa ndiyo yosavuta kuigwira. Ku South Africa nambala imeneyi ndi ya kuwerenga maselo a m'magazi, ndipo bilu yake kawirikawiri imachokera ku labu, osati kwa dokotala. Musanaimbire aliyense, yang'anani mizere iwiriyo pa danga losonyeza ndalama zimene sikimu yalipiradi. Nthawi zambiri a labu akaona kuti malipiro akuchedwa amatumizanso bilu yomweyo, sikimu n'kuikana yachiwiriyo. Zikatero mizere imaoneka iwiri, koma wina umakhala ndi ziro, pambali pake atalemba "duplicate". Ngati zili choncho, palibe chimene chatayika.

Koma ngati mizere yonse iwiri yalipiridwa, pemphani a labu akutumizireni bilu yatsatanetsatane pamodzi ndi zotsatira za magaziwo. Magazi aliwonse akafika ku labu amapatsidwa nambala yawoyawo, komanso amalemba nthawi imene atengedwa. Munthu wogonekedwa m'chipatala angathe kutengedwa magazi m'mawa ndi madzulo, manambala n'kukhaladi awiri. Mwana wanu anabayidwa kamodzi, ndiye nambala ikhala imodzi, zotsatira pepala limodzi, malipiro awiri. Umboni wake ndi womwewo, ndipo palibe angautsutse.

Nkhani ya 0192 ndiyo yofuna kuiyendera bwino. Madokotala kumeneko amalipitsa kuonana ndi wodwala motsatira makhodi okwera ngati makwerero: 0190 ndi kuonana kwa masiku onse, kosapitirira mphindi 15, 0191 ndi mphindi 16 mpaka 30, 0192 ndi mphindi 31 mpaka 45. Khodi ikakwera, mtengo nawonso ungakwere. Tsono kuona pakhosi pa mwana, kumuyeza kutentha thupi ndi kulemba mankhwala kwa mphindi 10, pa maso anga n'kwa 0190. Komabe dziwani kuti makhodiwa sayang'ana wotchi yokha, amayang'ananso kuvuta kwa matendawo, ndipo dokotala angayankhe kuti mwanayo anali ndi zina zofuna kuganizira mozama. N'chifukwa chake musapite ndi mawu akuti "mwandibera". Funsani kuti: "Ndi chiyani chili m'fayilo ya mwana wanga chimene chikugwirizana ndi 0192?" Funso limeneli n'lovuta kulizemba. Onaninso khodi ya ICD-10, yotchula matenda. Ikakhala J03.9, imeneyo ndi ya zotupa zapakhosi basi, ndipo kulemera kwa 0192 kumafuna kufotokozedwa.

Zonsezi lembani pa imelo yopita kwa a labu ndi kwa dokotala, chonde, osangoimba foni. Mawu a pafoni amauluka. Tchulani nambala ya akaunti, tsiku lomwe mwana anaonedwa, khodi imene mukuikayikira, ndipo pemphani zinthu ziwiri: afafanize bilu yolakwikayo ku sikimu, atumize yokonzedwa. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Wa ku ofesi ya dokotala angakuuzeni kuti "takonza", koma ngati sanaifafanize ku sikimu, ndalama zija sizibwerera m'thumba lanu la mankhwala. Kope la imelo ija tumizaninso ku sikimu, ndipo akupatseni nambala ya dandaulo. Ngati pali ndalama imene akufuna mulipire nokha, lipirani gawo lomwe simukulitsutsa, n'kulemba momveka kuti lotsalalo mukulitsutsa, kuti angakuperekeni kwa otolera ngongole nkhani ili m'kati.

Nthawi isakuthereni. Bilu imayenera kufika ku sikimu lisanadutse tsiku lomaliza la mwezi wachinayi kuchokera mwezi womwe wodwala anathandizidwa, choncho kakamirani kuti yokonzedwayo ipite msanga. Dokotala akakana ndipo yankho lake silikukukhutiritsani, lamulo la Health Professions Act la 1974, gawo 53, limakupatsani miyezi itatu kuchokera pamene mwalandira bilu kuti mulembere bungwe la HPCSA, loyang'anira madokotala ku South Africa, liunike mtengo woyenera. Ngati wovuta ndi sikimu yanuyo, mwina ikukana kubwezera ndalama m'thumba lanu, dandaulo lipite ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira masikimu a zachipatala, mutaphatikiza bilu, sitetimenti ndi maimelo onse. Sitetimenti ya mwezi wotsatira muiwerenge mzere ndi mzere: payenera kuoneka ndalama ya 3755 imodzi itabwezedwa, ndipo dokotala akavomera, 0190 m'malo mwa 0192.