Anyuwiti: mmene ndalama za penshoni zimasandukira malipiro a pamwezi

"Ndili ndi zaka 60 ndipo ndikupuma pa ntchito chaka chino. Andiuza kuti ndalama zanga za penshoni ndikhoza kugulira anyuwiti kuti ndizilandira kenakake mwezi uliwonse mpaka imfa. Kodi chimenechi nchiyani kwenikweni? Nanga ndikafa msanga, mayi akunyumba atsala ndi chiyani?"

Bambo, anyuwiti ndi pangano la pakati pa inu ndi kampani ya inshuwalansi ya moyo. Inu mumapereka ndalama zambiri kamodzi, iwo nkulonjeza kukulipirani mwezi ndi mwezi kwa moyo wanu wonse. Musaione ngati akaunti ya kubanki ayi. Mukasaina, ndalama mwaperekazo sizikhalanso zanu zoti mungakatape tsiku limene mwavutika. Chimene mwagula ndi lonjezo lija.

Tiyerekeze kuti mwapereka 12,000,000. Manambalawa ndi ongophunzitsira, enieni akuuzani ndi akampaniwo. Iwo ali ndi akatswiri owerengera kuti anthu a msinkhu wanu amakhala ndi moyo zaka zina zingati. Tinene kuti apeza zaka 20. Akanati angogawa ndalamazo pa zaka 20, bwenzi mukulandira 600,000 pachaka, kapena kuti 50,000 pamwezi. Koma ndalama zimene sanakupatseni sizingokhala, amazibwereketsa, makamaka kuboma ndi kumakampani akuluakulu, ndipo zimabala chiwongoladzanja. Zikamabala 5 pa 100 iliyonse pachaka, malipiro anu amafika pafupifupi 80,000 pamwezi. Nchifukwa chake wogula anyuwiti chiwongoladzanja chili chokwera amapeza zambiri kuposa mnzake wogula chitatsika, ndiponso wa zaka 70 amalandira zambiri pamwezi kuposa wa zaka 60.

Nanga mukafika zaka 90, ndalama zanu zitatha kalekale, zokulipirani zichokera kuti? Apa ndi pamene pagona nkhani. Simuli nokha, mumagula muli anthu masauzande ambiri. Ena amafa ali ndi zaka 64, ena 95, ndipo zimene asiya ofa msanga ndi zimene zimalipira okhalitsa. Palibe munthu amene angadzichitire zimenezi payekha, poti sadziwa tsiku lake: akamatapa zambiri zimuthera akadali moyo, akamaumira adzimana pachabe.

Pomwepanso ndi pamene pali chowawa. Pa 80,000 pamwezi, pamatenga zaka 12 ndi theka kuti mulandire ndalama zofanana ndi zimene munapereka. Mukagula anyuwiti ya moyo wanu wokha nkumwalira patangopita zaka 3, ndiye kuti mwalandira 2,880,000 basi, ndipo mayi satsala ndi kanthu. Si kuba, pangano lake nlotero, koma mabanja ambiri amazindikira zimenezi maliro atachitika kale, ndipo zimandipweteka mtima.

Njira zowatetezera mayi zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kupempha zaka zotsimikizika, kawirikawiri 5 kapena 10. Mukasankha 10 nkufa chaka chachitatu chitatha, munthu amene munamulembetsa alandira zaka 7 zotsalazo, kenako zatha. Yachiwiri ndi anyuwiti ya anthu awiri: mukatsogola inu, mayi apitiriza kulandira gawo la malipirowo, mwachitsanzo theka, mpaka imfa yawo. Njira zonsezi zimatsitsa ndalama ya pamwezi, ndipo ngati mayi ali aang'ono kwa inu ndi zaka zambiri imatsika kwambiri, popeza kampani ikuyembekezera kulipira nthawi yaitali. Ine maganizo anga ndi akuti ngati mayi alibe penshoni yawoyawo, yachiwiriyi ndi imene ikukuyenerani. Zaka 10 zotsimikizika zikatha, iwo akhoza kukhala ndi moyo zaka zina 20.

Chinanso chimene chimadya anthu mwakachetechete ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Anyuwiti yosasintha imakupatsani 80,000 lero, 80,000 yomweyo mukadzafika zaka 80. Mitengo ikamakwera ndi 10 pa 100 iliyonse pachaka, pakatha zaka 7 ndalamayo imagula theka la zimene ikugula lero. Ilipo anyuwiti yokwera chaka ndi chaka, koma imayambira pansi, choncho papepala imaoneka yosakopa. Ambiri amathamangira nambala yaikulu ya mwezi woyamba.

Musanasaine, pemphani makampani awiri kapena atatu kuti akulembereni papepala zimene mungamalandire pa ndalama zomwezo, pa mtundu uliwonse: ya inu nokha, ya zaka 10 zotsimikizika, ya anthu awiri, yosasintha ndi yokwera. Funsani ngati msonkho auchotsapo kale pa nambalayo. Ngati muli ndi matenda okhalitsa monga a shuga kapena a mtima, nenani, chifukwa makampani ena amawonjezera malipiro kwa munthu wotero. Ndipo ngati malamulo a penshoni a m'dziko mwanu akulola kutengako gawo lina m'manja, sungani ndalama ya zadzidzidzi pambali, poti ku anyuwiti simungakapemphe ya kuchipatala. Mapepalawo mukawerengere limodzi ndi mayi.