Ndawalembera anthu a ntchito ya oditi koma onse angoti zii

"Ndinamaliza dipuloma ya akaunti ndipo ndikufuna kulowa ntchito ya oditi. Ndalembera anthu angapo a ntchitoyi kupempha kuti ticheze andiuzeko mmene imayendera, ndimaikamo ndi CV yanga yomwe, koma palibe olo mmodzi wandiyankha. Ndikulakwitsa pati? Imelo yotereyi imalembedwa bwanji?"

Achemwali, choyamba chotsani CV ija. Ndikudziwa mumaiyika ndi mtima wabwino kuti munthuyo akudziweni, koma iyeyo akangoona kuti imelo yabwera ndi CV, olo asanawerenge mzere woyamba watseka kale nkhani mmutu mwake kuti uyu akufuna ntchito. Nde poti malo a ntchito alibe, kapena si iye amalemba anthu, kuti akuyankheni zikufunika akukanireni, ndipo anthu ambiri kukana kumawavuta, bola kungokhala chete. Chizindikiro choti imelo yanu yawerengedwa ngati kalata yofunsira ntchito nchosavuta kuchiona: akakuyankhani amati "tumizani kwa a zolemba anthu ntchito" kapena "pakadali pano malo palibe". Mukalandira yankho lotero dziwani kuti pempho lanu lenileni silinamveke.

Chimene mukupemphacho nchaching'ono, mphindi 20 zoti munthu akuuzeni zomwe akudziwa kale, zosafuna kukonzekera. Ntchito yonse ya imeloyo ndi kumuonetsa kuti nchaching'onodi, komanso kuti mwasankha iyeyo osati aliyense amene dzina lake munalipeza. Apa mpamene ambiri zimawakanika. Amalemba kuti "ndikufuna kudziwa zambiri za oditi", eti zambiri zake ziti? Funso limenelo lilibe polekezera, munthu akuganiza kuti ndikavomera apa ola lathunthu lapita. Pomwe mukati mukufuna kudziwa kusiyana kwa kuyambira ku kampani yochita oditi ya makampani ena ndi kuyambira mu oditi ya mkati mwa bungwe limodzi, munthu amene anadutsa mbali zonse ziwiri yankho limamubwerera pompo akuwerenga, ndipo pakamwa pamayamba kumuyabwa kuti akuuzeni.

Nayi mmene ndingalembere ndikanakhala inu. Pamutu pa imelo: Pempho la mphindi 20, funso la oditi ya mkati. Kenako:

"Zikomo Mayi Uje. Ine ndine wakuti, ndinamaliza dipuloma ya akaunti chaka chatha ndipo ndikukonzekera kulowa ntchito ya oditi. Ndaona pa LinkedIn kuti munayambira ku oditi ya kunja kenako nkusamukira ku oditi ya mkati, ndiye njira imene ndikuiganizira. Ndili pamphambano, ndiyambe mayeso a ACCA kapena ndilunjike a CIA, ndipo ndikufuna kumva kwa munthu amene wagwirapo mbali zonse kuti ndi ati anakuthandizani pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Kodi mungandipatseko mphindi 20 pa foni sabata ziwiri zikubwerazi? Ine Lachiwiri kapena Lachinayi masana ndili ndi mpata, koma nditsatira nthawi yanu. Sindikupempha ntchito ayi, ndi nzeru chabe. Ngati nthawi yakuthinani, olo mizere iwiri pa imelo pomwepa indithandiza. Zikomo kwambiri."

Basi yatha. Mawu ake sakufika 150, amawerengeka pa foni osatsitsa kawiri.

Taonani funso la mayeso lija. Likuonetsa kuti homuweki munapanga kale. ACCA, yomwe ndi mayeso a ukatswiri wa akaunti, ili ndi mapepala 13 ngakhale ena amakuchotserani malinga ndi zomwe munaphunzira, CIA ya Institute of Internal Auditors ili ndi magawo atatu ndipo imalunjika pa oditi ya mkati basi. Zimenezi zili pa intaneti, musakamufunse munthu kuti mapepala ndi angati, mwamutayitsa nthawi. Chimene pa intaneti palibe ndi chakuti iyeyo atasamuka anapeza kuti chikumusowa nchiyani, mabwana olemba anthu amayang'ana chiyani kwenikweni, ndipo akanayambiranso akanatenga njira iti. Funso la mu imelo likhale limodzi, ena atatu kapena anayi muwasunge pa pepala mudzafunse pa foni.

Mzere woti sindikupempha ntchito ena amati ndi wosafunika, ine ndimati ulembeni, umamumasula munthu. Koma mukaulemba muusunge. Kulowa ndi nkhani ya nzeru kenako pa mphindi 15 nkutulukira kuti "nanga kwanuko malo alipo?" ndi chinthu chimene anthu samaiwala, ndipo sadzakutumizaninso kwa mnzawo. Akafuna CV anena okha, zimachitika ndithu kucheza kukakoma.

Nkhani ina ndi ya amene mukuwalembera. Ngati onse aja anali akuluakulu eni kampani, nzosadabwitsa. Amenewo imelo zimawadzadzira, zina amawawerengera ndi mlembi. Sakani munthu amene wakhala pa ntchitoyi zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri, akukumbukirabe mmene analowera komanso mayeso ake ndi omwewa a masiku ano. Ndipo musanalembere mlendo weniweni, yang'anani kaye anthu odziwana nawo patalipatali, amene munaphunzira koleji imodzi olo anali patsogolo panu, mnzake wa lekichala wanu, munthu amene munamumva akuyankhula pa semina. Mu 1973 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Mark Granovetter analemba zoti nkhani za ntchito nthawi zambiri zimatifikira kudzera mwa anthu ongodziwana nawo pang'ono kusiyana ndi anzathu apamtima, chifukwa apamtimawo amadziwa zomwe ifenso tikudziwa kale. Ngati pali amene wakulozerani, dzina lake likhale mu mzere woyamba, koma mumupemphe kaye chilolezo, chifukwa wolandirayo chinthu choyamba amuimbira kufunsa kuti uyu ndani.

Nthawi nayonso. Ma odita a kunja amakhala bize koopsa miyezi yotsatira kutseka kwa chaka cha ndalama cha makasitomala awo, kugona mochedwa, malipoti akudikira kusainidwa, nde imelo yanu ikafika nthawi imeneyo imakwiririka osati chifukwa ndi yoipa. A akaunti wamba nawo masiku otseka mwezi musawayambe.

Mukatumiza dikirani sabata yathunthu. Kukakhala zii, yankhani pa imelo yomweyo kuti yoyamba ija izioneka pansi, mizere iwiri yokha: "Mayi Uje, ndimangokumbutsako za pempho langa lili mmunsimu. Ngati ino si nthawi yabwino ndikhoza kudzalembanso mwezi wamawa." Kukumbutsa nkamodzi. Kachitatu ndiye mwayamba kuvuta, pitani kwa wina. Komanso osatumiza imelo, meseji ya pa LinkedIn ndi ya pa WhatsApp tsiku limodzi kwa munthu mmodzi, makamaka ngati nambalayo sanakupatseni yekha.

Za LinkedIn, kameseji kopita ndi pempho lolumikizana kamalola zilembo zochepa chabe, imelo ija singakwanemo. Lembanimo chifukwa chomwe mwamusankhira ndi funso lanu basi, za masiku ndi nthawi mudzanene akavomera.

Akavomera yankhani tsiku lomwelo, tsimikizani tsiku, ola, ndi kuti woimba ndinu. Mphindi 20 zikakwana nenani nokha kuti nthawi yomwe ndinapempha yatha, iwo ndi amene asankhe kupitiriza. Funso lomaliza likhale lakuti, "alipo wina amene mukuona kuti ndingachite bwino kucheza naye, ndipo ndingatchule dzina lanu pomulembera?" Mawa lake tumizani zikomo wa mizere itatu, mutchulemo chinthu chimodzi chomwe ananena ndi chomwe mwasankha kuchita nacho.

Anthu aja munawalembera kale musawataye. Papite mwezi, musankhepo awiri amene mbiri yawo ikugwirizana ndi funso lanu, muwalembere imelo yatsopano yopanda CV, ya kale ija osaitchula nkomwe.