Sikirepa ikabulokedwa, musathamangire kugula mapulokisi

"Akuluakulu thandizeni. Ndalemba sikirepa ya Python yotenga mitengo ya ma sipeya a galimoto pa webusayiti ina ya ku Joni, mapeji ngati 3,000, kuti shopu ya amalume ku Limbe tiziona mitengo ikasintha. Imayenda bwinobwino koma ikafika pa peji 150 penapake imayamba kukanidwa. Mnzanga akuti ndigule mapulokisi osinthasintha aja. Ndigule kuti, ndipo ndi zingati?"

Achimwene, musagule kaye. Pa mapeji 3,000 ine sindikuona chomwe mapulokisi angakuchitireni chomwe kuchepetsa liwiro sikungachite mwaulere, ndipo ndalama zake ndi za madola, mukudziwa nokha mmene madola akuvutira kuno.

Choyamba muone kaye kuti seva ikukuyankhani chani ikamakana, chifukwa "kukanidwa" kulipo kwamitundu. Pirintani `r.status_code` ndi `r.headers` pa peji yomwe yakanikayo. Mukaona `429` ndiye kuti seva ikunena mosabisa kuti mwafunsa kambiri pa nthawi yochepa, ndipo ma seva ena amaikanso `Retry-After` kukuuzani masekondi oti mudikire. Imeneyo ndi nkhani ya liwiro basi. Mmene mwafotokozeramu kuti imayamba bwino kenako nkudzakana pa 150, ndikukhulupirira ndithu kuti ndi imeneyi, lupu yanu ikuthamanga osapuma mwina mapeji asanu kapena khumi pa sekondi, zomwe munthu wogwira mausi sangachite. `403` yobwera pa peji yoyamba yeniyeni ndi ina, pamenepo sakudandaula liwiro koma akuona kuti ndinu sikiripiti, nthawi zambiri chifukwa `requests` imadzitchula yokha mu `User-Agent` kuti `python-requests` ndi nambala ya vesheni yake. Palinso yoopsa kwambiri, yobwera ndi `200` koma mkati muli peji ya CAPTCHA kapena yoti dikirani tikuoneni, sikirepa nkumasunga mitengo yopanda kanthu inu muli phee. Ndiye muziona ngati mtengo wapezekadi mu peji, osangodalira `200`.

Pali kayeso kosavuta kodziwira ngati vuto ndi IP. Nthawi yomwe sikirepa yakanidwayo, tsegulani peji yomweyo mu burawuza pa laputopu yomweyo, netiweki yomweyo. Ikatseguka bwinobwino ndiye kuti IP yanu sinatsekedwe, akukana maonekedwe a sikiripitiyo, ndipo pulokisi singathandize chifukwa imangosintha adiresi, mahedala ndi mmene pulogalamu yanu imapatsirana moni ndi seva pa TLS zimakhala zomwezo. Ikakananso mu burawuza, sinthani netiweki, mwachitsanzo kuchoka pa rauta ya pa shopu kupita pa hotisipoti ya foni, muyesenso. Ikayenda, pamenepo ndiye IP yabulokedwadi. Komanso dziwani kuti pa data ya foni nthawi zambiri anthu ambirimbiri amatulukira pa IP imodzi, ndiye mukapangitsa kuti itsekedwe mwatsekeretsa ndi ena osalakwa omwe amangofuna kuona mtengo wa ma bureki padi.

Tsopano tiwerengere limodzi zanuzo. Mapeji 3,000, mukamapuma masekondi 3 pakati pa peji ndi inzake, ndi masekondi 9,000, omwe ndi maola awiri ndi theka. Mitengo ya ma sipeya sisintha ola lililonse, kamodzi pa tsiku ndi kokwanira, mwinanso kawiri pa sabata. Mumangoisiya usiku ikuyenda, mmawa mwapeza zonse pa IP imodzi yomweyo.

```python
r = s.get(url, timeout=20)
if r.status_code == 429:
    time.sleep(int(r.headers.get("Retry-After", 60)))
time.sleep(random.uniform(2, 4))
```

`s` ameneyo ndi `requests.Session()`, kuti makuki azisungika ngati mmene burawuza imachitira, ndipo peji yomwe yabweza `429` muibwezere pa mzere kuti idzayesedwenso. Chenjerani pang'ono kuti `Retry-After` nthawi zina imabwera ngati deti osati nambala, ndiye `int` ikhoza kugwa. Ngati muli pa Scrapy ndi zachidule, ikani `DOWNLOAD_DELAY = 3`, `CONCURRENT_REQUESTS_PER_DOMAIN = 1` ndi `AUTOTHROTTLE_ENABLED = True`. China chomwe ndimachilimbikira kwambiri kwa ife a kuno, muzisunga peji iliyonse yomwe mwamaliza mu fayilo kapena SQLite nthawi yomweyo, chifukwa magetsi akathima kapena bandulo ikatha pa peji 2,400 simukufuna kuyambiranso pa 1, ndipo kuyambiranso koteroko ndi komwe kumachulukitsa mafunso opanda pake kwa seva ya eni ake. Muonenso `/robots.txt` ndi `/sitemap.xml` yawo, komanso mu burawuza pa `Network` muone ngati peji sikukoka mitengo kuchokera ku JSON penapake. Mukaipeza mwina funso limodzi likubweretserani zinthu 50, mapeji 3,000 aja nkutsika kufika pa mafunso 60.

Nanga mapulokisi amafunikadi liti? Ndikuona pawiri. Poyamba ndi pamene masamu akukanadi. Tsiku lili ndi masekondi 86,400, ndiye pa peji imodzi masekondi 3 alionse IP imodzi imakwanitsa mapeji 28,800 pa tsiku. Munthu wofuna mapeji 200,000 tsiku lililonse pa webusayiti imodzi yomwe malire ake amawerengera pa IP akufunika ma IP osachepera 7, apo ndiye kusinthasintha kuli ndi ntchito. Koma ndinene zomwe ndimakhulupirira, munthu akafika pamenepo akudutsa dala malire omwe eni ake anaika, seva yawo ikusenzabe katundu yense ngakhale inu mwagawa ma adiresi, ndiye chabwino ndi kuwalembera kufunsa API kapena fayilo ya mitengo. Ngati ndinu makasitomala awo kale ndiye nkosavuta, ogulitsa ambiri amapereka mndandanda wa mitengo kwa owapikula. Kachiwiri ndi pamene webusayiti imaonetsa zosiyana malingana ndi dziko, mwina mitengo ya ma randi imaoneka kwa amene ali ku South Africa okha. Apo mukufunika pulokisi imodzi yokha ya dziko limenelo, yosasintha.

Mukadzafikadi pogula, mitundu yake ikuluikulu ndi iwiri. Ya m'ma seva a makampani ndi yotchipa komanso yachangu, koma ma IP ake amadziwika kuti si a anthu a kunyumba ndiye amatsekedwa msanga. Yodutsa pa intaneti ya m'makomo mwa anthu imavuta kuizindikira koma ambiri amalipiritsa pa GB, ndipo apa ndi pomwe anthu amapsa. Peji ya HTML yokha ya 200 KB kuchulukitsa ndi 200,000 ndi 40 GB pa tsiku, koma mukayendetsa Selenium kapena Playwright yokoka ndi zithunzi zomwe, peji ikhoza kufika 2 MB, mwafika pa 400 GB. Mufunsenso kuti ma IP a m'makomowo anawapeza bwanji, chifukwa ena ndi mafoni ndi makompyuta a anthu omwe sakudziwa nkomwe kuti akugwiritsidwa ntchito. Zaulere za pa mindandanda zija musazikhudze, zambiri ndi zakufa kale, ndipo simudziwa mwini wake akuona chani, makamaka ngati pali pasiwedi.

Kulakwitsa komwe ndimakuona kawirikawiri ndi kusintha IP pa funso lililonse pomwe munthu walowa ndi akaunti. Kuki imodzi yomweyo ikuoneka ku Joni, sekondi yotsatira ku Germany, seva imatseka akauntiyo, ndipo ngati ndi akaunti yomwe amalume amagulira katundu ndiye mwaononga bizinesi. Pa zotero pamafunika IP yokhazikika mpaka sesheni ithe. Ndipo mukaona `407` pamenepo si webusayiti yakana, ndi pulokisi yanuyo ikufuna dzina ndi pasiwedi zolondola.

Ikani kupuma kwa masekondi 3 kuja usiku uno, mawa mudzatiponyere `status_code` ndi mahedala a peji yoyamba yomwe yakana ngati ikanabe, tidzaonere limodzi.