Musanasanje, yambani mwacheka ndi ndalama zotsala

"Abale, ndili ku Salima kuno. Ndajambula pa foni sitetimenti ya Airtel Money ndi ya kubanki za mwezi watha. Ndingaziike bwanji mu Excel kuti ndione kumene ndalama za pakhomo zikuthera? Kulemba pamanja ndalephera, mizere ndi yambiri."

Achemwali, zimatheka ndi foni yomweyo. Ine ndimachita mwezi uliwonse kuno ku Nkhotakota. Tsegulani Excel, pitani pa Insert, musankhe Data from Picture. Pafunika bandulo, chifukwa popanda intaneti sichiwerenga. Chithunzi chikhale cha tsamba limodzi, pepala litayalidwa patebulo, foni ili pamwamba mowongoka, pakhonde masana osati ndi tochi usiku. Dulani mutu wa pepala ndi chizindikiro cha banki, mutsale ndi tebulo lokha. Excel ikusonyezani malo amene ikukayika kuti mukonze musanalowetse. Ya Airtel Money ndi ya kubanki muziike pamasamba osiyana, poti iliyonse ili ndi zotsala zake.

Koma nkhani yaikulu ili apa. Malo amene Excel yakayika si oopsa, poti mwawaona. Oopsa ndi amene yawerenga molakwika koma osakayika. Ine tsiku lina ndinajambula pepala lomwe ndinalipinda m'thumba la malaya, ndipo pomwe panali mkwinya 8 anasanduka 3. Ndinazindikira chifukwa cha kolamu imodzi yomwe ndimawonjezera ndekha.

Konzani makolamu motere: A tsiku, B kufotokoza, C zolowa, D zotuluka, E zotsala. Mu F, kuyambira pa mzere wachitatu, lembani izi ndi kukokera pansi:

```
=E2+C3-D3-E3
```

Tanthauzo lake ndi lakuti zotsala za mzere wapamwamba, kuphatikiza zolowa, kuchotsa zotuluka, ziyenera kufanana ndi zotsala za mzere uno. Choncho yankho likhale 0 paliponse. Kwa ine zinali chonchi: ndinali ndi K84,500, ndinagula magetsi a K10,000, n'kutsala K74,500, apo 0 anatuluka bwinobwino. Mzere wotsatira ndinatapa K18,000 kwa ejenti n'kutsala K56,500, koma mutebulo munalowa 13,000. Mu F munatuluka 5,000. Ndinabwerera pachithunzi, kuyang'ana mzere umodzi wokhawo, n'kukonza. Mukapeza kanambala kakang'ono m'malo mwa 0, kawirikawiri ndi mzere wa chaji umene wadumphidwa. Izi zimagwira ngati tsiku lakale lili pamwamba. Sitetimenti ikayambira pa tsiku la posachedwa, itembenuzeni kaye.

Mukaona #VALUE! musachite mantha. Ndiye kuti mubokosi muli zilembo, monga MWK kutsogolo kwa nambala kapena O m'malo mwa 0. Chotsani ndi Find and Replace. Onaninso mbali yomwe manambala atsamira: nambala yeniyeni imakhala kudzanja lamanja, yomwe ili kumanzere Excel ikuiona ngati mawu ndipo powonkhetsa imaisiya mwakachetechete. Masikunso amachita chimodzimodzi: 03/04 akhoza kuwerengedwa ngati 4 Malichi pamene inu mukunena 3 Epulo.

F yonse ikakhala 0, ifufuteni, kenako muzisanja. Mukasanja isanafufutidwe, mizere imasinthana malo ndipo cheke chija chimayamba kunama. Pamalo pake pa F lembani gulu la mzere uliwonse: magetsi, madzi, sukulu, ndiwo, chigayo, kabaza, mayunitsi, chaji. Asachuluke, ndipo dzina lizilembedwa mofanana, chifukwa "mageti" ndi "magetsi" kwa Excel ndi anthu awiri osadziwana. Posanja sankhani tebulo lonse, osati kolamu imodzi, apo ayi ndalama za fizi zikagwera pa mzere wa usipa. Kuti mudziwe za gulu limodzi:

```
=SUMIF(F:F,"magetsi",D:D)
```

Chomwe sitetimenti singakuuzeni ndi za ndalama zotapa. K18,000 ija imangooneka mzere umodzi, pamene inagula mpunga, chambo, makala, ina n'kupita kuchigayo. Ine ndimaigawa mizere itatu kapena inayi poyang'ana kakope komwe mayi a kunyumba amalembamo akachoka kumsika. Ndipo ndalama zomwe mwasamutsa kuchoka kubanki kupita ku Airtel Money yanu yomwe muzipatse gulu lakelake, "kusamutsa", kuti musaziwerengere kawiri ngati mwadya.

Mwezi wamawa kafunseni kubanki ngati angakutumizireni sitetimenti pa imelo, imawerengeka bwino kuposa pepala lojambula. Mukakanika penapake tumizani chithunzi muno tione, koma mubise dzina ndi nambala ya akaunti.