Kodi e.g. ndi i.e. n'zofanana?

"Mu lipoti langa la Chingelezi, aphunzitsi akhwatcha paliponse pamene ndinalemba i.e. potchula zitsanzo, komanso etc. amene ndinaika pambuyo pa dzina la wolemba buku. Ndalakwitsa pati?"

Aphunzitsi anuwo sanakulakwireni, koma musade nkhawa, vutoli n'losavuta kukonza. Zidule zonsezi n'zochokera ku Chilatini, ndipo mukangodziwa mawu ake athunthu, chisokonezo chimatha.

Chidule cha e.g. chimaimira exempli gratia, ndipo ndi "mwachitsanzo" wathu uja. Pomwe i.e. ndi id est, kutanthauza "ndiko kuti". Tiyerekeze kuti mwalandira kalata yokuitanani ku mayeso, ndipo alembamo kuti mubwere ndi chiphaso, e.g. pasipoti. Apa pasipoti angoitchula ngati chitsanzo; mutapita ndi laisensi yoyendetsera galimoto, akulandirani. Koma akalemba kuti chiphaso, i.e. pasipoti, ndiye kuti chiphaso chimene akunenacho ndi pasipoti basi, ndipo wa laisensi abwerera pakhomo. Choyambacho chimasiya mpata wa zina zimene sizinatchulidwe, chachiwiricho chimamasulira ndendende zimene zanenedwa kale.

Ine ndikakayikira, ndimawerenga chiganizocho mokweza, n'kuika "mwachitsanzo" pamalo pa chidulecho. Chikamveka bwino, ndimalemba e.g. Chikafuna "ndiko kuti", ndimalemba i.e. Yesani pa ziganizo zimene akhwatchazo, khutu lanu likuuzani lokha.

Za etc. ndi et al., chilankhulo chathu chinazisiyanitsa kale. Palibe amene anganene kuti "anabwera mfumu, nduna ndi zina zotero", chifukwa anthu timati "ena", zinthu timati "zina". Etc., chidule cha et cetera, ndi "ndi zina zotero", pomwe et al., chidule cha et alii, ndi "ndi ena". Choncho buku likakhala la anthu ambiri, lembani dzina la woyamba, kenako et al., kenako chaka. Malamulo a kalembedwe a APA, bungwe la akatswiri a zamaganizo la ku America, amene anatuluka mu 2019 amati muchite zimenezi olemba akakwana atatu kapena kuposerapo, kuyambira ulendo woyamba womwe mukutchula bukulo m'kati mwa nkhani. Kadontho kamakhala pa al. pokha, chifukwa et ndi liwu lathunthu lotanthauza "ndi".

Et yemweyu ndi amene ali kumayambiriro kwa etc. N'chifukwa chake kulemba ect. n'kulakwitsa, ndipo kutsogoza "and" kapena "ndi" n'kubwereza liwu limodzi kawiri. Chimene chimandiwawa kwambiri ndikamawerenga zolemba za ophunzira n'kuona mndandanda woyamba ndi e.g. ukutha ndi etc. Mwanena kale kuti izi ndi zitsanzo chabe, ndiye owerenga akudziwa kuti zilipo zina. Sankhanipo chimodzi, chinacho mufufute musanabwezere lipotilo kwa aphunzitsi.