Kuyeza msinkhu wa agogo osatha kuimirira

Agogo anga aakazi, a zaka 70, satha kuimirira, ndipo manja sawongoka bwino. Msinkhu wawo ndingaudziwe bwanji?

Pepani ndi matendawo. Njira yoyezera msinkhu potambasula manja isiyeni, chifukwa imafuna zigongono zowongoka.

Yezani bondo. Agonekeni chagada opanda nsapato, mupinde mwendo wamanzere kuti bondo lipange ngodya ya madigiri 90, phazinso chimodzimodzi. Yezani kuchokera pansi pa chidendene kufika pamwamba pa ntchafu, pomwe bondo lathera. Tepi iwongoke motsata fupa la msongolo. Ikakhota imawonjezera masentimita. Yezani kawiri, ndipo ngati manambala asiyana kwambiri, bwerezani.

Kwa amayi okalamba, masamu a katswiri wofufuza dzina lake Chumlea, opezera msinkhu kuchokera pa muyeso wa bondowu m'masentimita, ndi awa:

```
msinkhu = 84.88 - (0.24 × zaka) + (1.83 × bondo)
```

Tinene kuti mwapeza masentimita 48. Ndiye 84.88 kuchotsera 16.8, kuphatikiza 87.84, zikupereka masentimita pafupifupi 156.

Masamuwa anawapeza poyeza okalamba a ku America, choncho angaphonye ndi masentimita angapo. Ngati phazi lamanzere latupa kapena mwendowo unapindika, yezani wamanja. Mukamapereka nambalayi kwa adokotala, chonde auzeni kuti yachokera pa bondo.